Magazi akuda tsiku loyamba la kumwezi, kodi ndi matenda?

NyaChibavi
Azimayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Masiku ano ndikapita kumwezi, tsiku loyamba kumatuluka magazi akuda, pena abulawuni, ndipo amadza pang'onopang'ono. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye ofiira psuu, ambiri ndithu. Kumapeto amabwereranso kuda. Kuwawa ndi cham'mimba chomwe chija cha mwezi ndi mwezi, fungo lachilendo palibe. Azakhali anga akuti ndi magazi oipa amene akutsalira m'mimba, ndiye ndimwe mankhwala otsuka. Ndili ndi zaka 31, ana awiri, sindili pa jakisoni kapena mapilitsi. Ena zimakuchitikirani?

MakeAwiri
Ine chiyambire kusamba ndi momwemo. Ndabereka bwinobwino.

AntiWaZigwagwa
Mverani azakhali anuwo achemwali. Magazi abwino amakhala ofiira. Akada ndiye kuti akhalitsa m'kati, ndipo chinthu chokhalitsa chimawola. Ife kale timamwa zotsuka mwezi ukatha, mavuto a masiku anowa kunalibe.

NaLuwinga
Ndi kuzizira kwa Mzuzu uku. Ine ndili ku Karonga sindinkaona zimenezi, koma chibwerereni kuno, Juni ndi Julayi magazi amaundana n'kuda. Muzifunda m'chiuno komanso muzimwa tiyi wa jinja.

MzambaWopuma
Anti a ku Zigwagwa anena zoona mbali imodzi: magazi akudawo akhalitsadi. Koma kukhalitsa kwake ndi kwa maola kapena masiku ochepa, osati miyezi, ndipo sanawole. M'magazi muli ayironi. Magazi akachoka m'mitsempha n'kukumana ndi mpweya, ayironiyo amasintha, mtundu n'kuyamba kudera. Mukadzicheka ndi mpeni n'kupukutira pa kansalu, pompo kamakhala kofiira, koma pofika madzulo banga lija lasanduka bulawuni. Magazi ndi omwewo, angokalamba.

Ndi zomwe zikukuchitikirani a NyaChibavi. Tsiku loyamba chiberekero chimakhala chikungoyamba kumasula khungu lake lam'kati, timagazi timatsika mozengereza, n'kufika pa padi titada kale. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu mtsinje wathamanga, magazi alibe mpata wosintha, n'chifukwa chake ndi ofiira. Kumapeto atsala ochepa, ayambanso kuchedwa m'njira. Zimene mwafotokozazi ndi msambo wa mayi wathanzi. Palibe chotsuka.

A NaLuwinga, kunja kuzizire bwanji, m'kati mwa thupi mumakhala motentha chimodzimodzi, pafupifupi madigiri 37. Kufunda ndi tiyi zimathandiza cham'mimba, pitirizani, koma mtundu wa magazi sizikuukhudza.

NaLuwinga
Komabe mayi nesi, ine ndimaona kusiyana ndithu nyengo yozizira.

MzambaWopuma
Sindikukutsutsani zomwe mukuona. Mwina m'mawa mumachedwa m'bulangeti. Munthu akagona, magazi amaunjikana m'njira usiku wonse, podzuka amatuluka pamodzi, oderako, pena ndi timibulu. Yang'anirani ngati masana muli yakaliyakali amakhalanso choncho.

NyaChibavi
Zikomo mayi. Mtima wakhala pansi. Azakhali anali atatuma kale munthu kukakumba mizu.

AntiWaZigwagwa
Mizu sinaphepo munthu. A chipatala chilichonse chathu mumati ayi.

MzambaWopuma
Anti, chimene ndimaopa kwambiri ndi zoika kumaliseche, ngakhale zakumwa zinanso zimawononga chiwindi ndi impso. Ndagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri, ndipo azimayi obwera ndi magazi akuda onunkha, nthawi zambiri tinkapeza kanthu m'kati: thonje loiwalika, kansalu, masamba osinja, pena kondomu yotsalira. Pamenepo kudako ndi vutodi, koma chokuuza si mtundu wokha. Fungo lake umalimva munthu asanakhale pansi, pachinena pakuwawa, thupi latentha. Magazi akuda opanda fungo, opanda kutentha thupi, obwera pa nthawi yake ya msambo, ndi nkhani ina.

MtsikanaWaMzuni
Nanga apinki? Ine pakati pa mwezi, patatha sabata ziwiri chisambireni, ndimaona kadontho kapinki pa panti, tsiku limodzi basi. Anzanga ku hositelo akuti ndiye kuti magazi ndi ochepa m'thupi.

MakeAwiri
Eya, apinki ndi kuchepa magazi. Idyani chiwindi ndi bonongwe, imwani juwisi wa chidede.

SisiWaKatoto
Osati nthawi zonse. Pinki ndi timagazi tochepa tosakanikirana ndi chikazi. Pakati pa mwezi ndi pamene dzira limatuluka, chikazi chimachuluka n'kumatanuka, ndiye kadontho kamodzi kamagazi kakagweramo kamaoneka pinki. Ine ndinkaona zomwezi ndili mtsikana, zinangosiya zokha nditabereka.

MzambaWopuma
Asisi a ku Katoto alondola. Mwanawe, ngati ndi tsiku limodzi kapena awiri, nthawi yomweyomweyo mwezi uliwonse, osayabwa, osanunkha, komanso sizikudza mutagonana ndi mwamuna, n'zotheka ndithu kuti ndi za dzira. Ulembe masiku ake miyezi itatu uone ngati zikugwa pamodzimodzi. Zikamabwera mwachisawawa, kapena masiku ambiri, upite akakuone, chifukwa matenda ena opatsirana pogonana amatulutsa timagazi pakati pa mwezi popanda chizindikiro china.

Za kuchepa magazi, padi si poyezera. Kokani chikope cham'munsi pa galasi, onani zikhatho ndi lilime ngati zayera. Kodi mukukwera chitunda cha ku Masasa mtima ukugunda ngati mwathamanga? Mukulakalaka dothi lija amagulitsa mumsika ngakhale mulibe pathupi? Pamenepo kayezetseni. Amabaya chala, ndipo kwa mayi wopanda pathupi nambala ikatsika pa 12 ndiye kuti magazi achepa. Chiwindi ndi bonongwe n'zabwino, koma atatsika kwambiri pafunika mapilitsi a ayironi kwa miyezi ingapo. Ndipo chimene chimachepetsa magazi kawirikawiri ndi msambo wofiira wochuluka uja anthu amauyamikira, osati kadontho kapinki.

BamboWaKatawa
Pepani amayi ndalowerera. Mkazi wanga ali pa jakisoni wa miyezi itatu. Poyamba ankangodontha zabulawuni pafupifupi mwezi wathunthu, pano wasiyiratu kusamba. Kwathu akuti magaziwo akuunjikana m'chiberekero, tsiku lina adzapanga chotupa. Ineyo ndikuda nkhawa, ndimafuna asiye.

AntiWaZigwagwa
Nanga akupita kuti magaziwo? Funso ndi limenelo.

MzambaWopuma
Mwachita bwino kufunsa bambo. Magazi a msambo sakhala penapake kudikira tsiku lotuluka. Mwezi uliwonse chiberekero chimamanga khungu lokhuthala m'kati kukonzekera mimba, mimba ikapanda kubwera khungulo limagumuka, ndiwo msambo. Jakisoni amaletsa kumangako. Khungu limakhala lopyapyala, limangonyotsoka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake miyezi yoyamba mayi amadontha zabulawuni kapena zapinki osadziwika tsiku. Pakatha chaka, pafupifupi theka la amayi a jakisoni sasambanso. Palibe chounjikana chifukwa palibe chomwe chamangidwa. Za pamkono zija, Jadele ndi Impulanoni, nazonso zimadonthetsa mofananamo. Lupu ndiye amachita zosiyana, msambo umakhala wofiira, wochulukirapo, makamaka miyezi yoyamba.

Ngati kudonthako kukuwasowetsa mtendere akazi anu, ku kulera alipo mankhwala amene amapereka kuti kuchepe, kapena angasinthe njira. Koma zosiya kapena kupitiriza muwafunse eni ake. Chimodzi choti mudziwiretu: akasiya jakisoni, msambo ndi kubereka zimatha kuchedwa kubwerera, ena mpaka chaka.

NyaMchengautuwa
Ine ndinasiya jakisoni chifukwa cha kudonthako. Kaya n'zabwinobwino kaya ayi, kuvala padi sabata zitatu ndi ndalama, komanso abambo kunyumba amayamba kuyang'ana kumbali. Pamene ndinakadandaula pa chipatala china anangoti zizolowereka, osandiuza kuti kuli mankhwala.

SisiWaKatoto
Za mtengo wa mapadi musanene. Ine ndinabwerera ku ochapa.

NaLuwinga
Ochapawo kuno amauma liti? Mvula ya Epulo ija yongowaza tsiku lonse, umayanika m'nyumba masiku awiri akadali achinyezi.

GogoWaZolozolo
Ife tinakula ndi nyanda. Chapani ndi madzi ozizira kaye, otentha amakhwimitsa banga. Mukatero sopo, kenako padzuwa mutaphimba ndi chitenje chopepuka ngati mukuchita manyazi. Kukakhala mitambo, sitani ndi simbi. Kuyanika pansi pa bedi ndi kumene kumabweretsa kuyabwa.

TelalaWaTaifa
Pepani ndikubwezeni ku za mtundu zija. Mng'ono wanga amene ndimakhala naye, wa zaka 24, mwezi watha sanasambe. Sabata ino wayamba kutuluka zabulawuni, zamadzimadzi, pang'ono chabe, padi imodzi tsiku lonse. Iye akuti ndi msambo wochedwa uja wabwera. Ndawerenga zomwe mayi nesi alemba kuti abulawuni ndi magazi okalamba basi, ndiye ndamuuza asadandaule. Kungoti akudandaula kupweteka mbali imodzi, kumanzere pachinena.

MakeAwiri
Msambo wochedwa umapweteka choncho. Mupatseni bulufeni agone.

MzambaWopuma
Ayi, dikirani kaye. A Telala, zimene ndinalemba zija ndi za magazi abulawuni obwera pa nthawi yake. Izi n'zina. Mufunseni pompano: msambo wake weniweni womaliza unayamba tsiku liti? Ali ndi mwamuna, ndipo akulera? Akaimirira akumva chizungulire? Phewa likumuwawa, pamwamba penipeni? Akakhala pa chimbudzi ululu ukuwonjezeka? Tumani mwana ku famase akagule koyezera mimba, ayeze mkodzo wa pompano, asadikire wa m'mawa. Bulufeni asamwe.

TelalaWaTaifa
Akuti patha sabata 7 chiyambireni msambo womaliza. Chibwenzi ali nacho, sakulera. Chizungulire chilipo kuyambira m'mawa, anatsala pang'ono kugwa ku bafa. Phewa akuti ayi. Ku chimbudzi akuti kumabaya. Koyezera kabwera, mizere iwiri, wachiwiriwo wosaoneka bwino. Akulira, akuti ndisauze amayi.

MzambaWopuma
Za amayi mudzakamba mawa. Mizere iwiri ndi mimba, ngakhale wina uli wofooka. Mimba ya sabata 7, timagazi takuda tochepa, ululu wa mbali imodzi ndi chizungulire: mpaka atajambula n'kuona kuti mimba ili m'chiberekero, timaitenga ngati yakhala m'chubu, kanjira kamene dzira limadutsamo popita m'chiberekero. Chubu n'chaching'ono, mimba ikamakula chimang'ambika, ndipo magazi amatayikira m'mimba momwe simukuona. Zabulawuni za pa padizo zimachokera m'chiberekero, si muyeso wa magazi amene akutayika. Munthu amatha kukomoka padi ili pafupifupi youma.

Nyamukani tsopano lino, pa galimoto, osati pa kabaza. Pitani ku Central kapena ku St John's, komwe angajambule ndi kuchita opaleshoni. Asadye, asamwe kanthu. Mukafika musanene kuti ali ndi vuto la msambo, mudzakhala pa mzere. Nenani kuti ali ndi mimba ya sabata 7, akutaya magazi, akumva ululu mbali imodzi ndipo akuchita chizungulire. Tengani koyezerako m'manja.

BamboWaKatawa
Ngati galimoto yavuta nenani dera, mlamu wanga ali ndi takisi.

TelalaWaTaifa
Tapeza ya aneba. Tanyamuka.

GogoWaZolozolo
Mulungu atsogole.

MtsikanaWaMzuni
Ine ndasokonezeka. Ndimamva kuti mimba ikamakhazikika kumatuluka timagazi tapinki kapena tabulawuni ndipo si vuto. Nanga munthu asiyanitsa bwanji?

SisiWaKatoto
Ine mimba yanga yoyamba ndinadontha masiku awiri, mwana ali Sitandade 5 pano.

MzambaWopuma
Zimachitikadi, amayi ambiri amadontha miyezi yoyambirira mwana n'kubadwa bwinobwino. Koma ndi maso simungasiyanitse, ngakhale ine sindingathe. Kudontha kosaopsa, kupita padera kumene kukuyamba, ndi mimba ya m'chubu, zonse zingayambe ndi kabanga kabulawuni kofanana. Ndiye lamulo langa n'lakuti msambo ukachedwa kenako n'kubwera wosiyana ndi wa masiku onse, wochepa, wakuda kapena wapinki, yezani mimba musanautche msambo. Ikapezeka, kaonetseni tsiku lomwelo kapena mawa lake. Pakakhala ululu, chizungulire kapena magazi ofiira ambiri, ola lomwelo.

WakuChintheche
Ine vuto langa ndi magazi kumapeto kwa mkodzo, ofiira, ngakhale sindili kumwezi. Ndi mtundu uti umenewu?

MakeAwiri
Umenewo si msambo asisi, ndi likodzo. Dzina lanulo likuonetsa kuti mumasamba m'nyanja.

WakuChintheche
Ndinakulira konko, ndimapitabe pa holide. Koma likodzo si la ana asukulu?

MzambaWopuma
Akulu limawagwiranso. Kayezetseni mkodzo, mankhwala ake ndi omwe aja amagawa m'sukulu, amapereka molingana ndi thupi lanu. Ndipo mwatikumbutsa chinthu chimene ambiri sadziwa: kwa amayi, mazira a likodzo amakhalanso pa khomo la chiberekero ndi m'njira, n'kupanga tizilonda. Mayi amaona timagazi akagonana ndi bambo, kapena chikazi chosakanikirana ndi magazi, n'kumangolandira mankhwala a matenda opatsirana osachira. Ngati izi zikukuchitikirani, muwauze adokotala kuti mumasamba ndi kuchapa m'nyanja ku Nkhata Bay.

NyaMchengautuwa
Ine ndikanenako za ofiira, poti aliyense akuwatenga ngati ndiwo abwino. Mkulu wanga ankasamba magazi ofiira psuu masiku 9, mibulu ikuluikulu ngati chiwindi. Usiku ankayala pulasitiki pa matiresi, n'kuvala padi ziwiri ndi chitenje chopinda. Ku ntchito ankakhala pampando cham'mbali, akaimirira n'kuyamba wayang'ana kumbuyo kwa siketi. Aliyense ankamuuza kuti thupi likudzitsuka bwino. Mpaka anagwa ku tchalitchi. Atamujambula anapeza zotupa za m'chiberekero, mafayibuloidi, ndipo magazi anali atatsika moti anachita kumuwonjezera. Zaka zonsezo palibe anamuuza kuti apite ku chipatala, chifukwa mtundu unali wokongola.

AntiWaZigwagwa
Zotupazo zimayamba ndi magazi akuda aja osatsukidwa. Ndi zomwe ndikunena.

NyaMchengautuwa
Anti, mkulu wanga sanaonepo akuda. Ndipo zotsuka anamwa zambiri.

MzambaWopuma
Mafayibuloidi si magazi oundana anti, ndi mnofu wa chiberekero chenichenicho umene wakula ngati mpira. Amakonda kwambiri azimayi achikuda, makamaka kuyambira zaka za m'ma 30, ndipo si khansa.

Pa kuchuluka, msambo wonse wa mayi wamba ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu a magazi enieni, kungoti amasakanikirana ndi zina n'kuoneka ambiri. Poti palibe amayeza ndi supuni, onani izi. Padi ikudzadza pa ola limodzi kapena awiri, maola angapo motsatizana? Mukudzuka usiku kukasintha? Msambo ukupitirira masiku 7? Mibulu ikuposa chitsekerero cha botolo la fanta? Timibulu ting'onoting'ono tsiku lachiwiri si kanthu. Thupi limatulutsa zosungunula magazi a msambo kuti ayende, koma akathamanga kwambiri zosungunulazo zimachepa, ena n'kuundana. Mibulu ikuluikulu mwezi ndi mwezi ikutanthauza kuti akutuluka ambiri.

MayiWatsopano
Ine ndabereka sabata zitatu zapitazo. Poyamba ofiira, kenako apinki, pano zachikasu zoyererako. Ndi mafinya?

GogoWaZolozolo
Ayi mwanangu, ndi mmene uchembere umathera. Zimatha mpaka sabata 6. Ukamva fungo loipa, kutentha thupi, kapena ofiira abwereranso ambiri ndi mibulu, pamenepo thamanga, mwina kanthu kanatsalira.

MzambaWopuma
Agogo anena zonse, sindiwonjezera.

SisiWaKatoto
Palibe watchula zotuwa. Ine nthawi ina kumapeto kwa msambo kunkatuluka zotuwa zamadzimadzi, fungo ngati la usipa wauwisi, makamaka tikakhala pamodzi ndi abambo. Ndinkaganiza mauka, ndinagula mankhwala oika aja koma osasintha. Ku chipatala anati si mauka, ndi tizilombo ta m'njira momwemo tasokonekera, anandipatsa fulajilo wa sabata imodzi zinatha. Anandiletsanso kutsuka m'kati ndi sopo ndi chala, kuti ndi zomwe zimayambitsa.

AntiWaZigwagwa
Ndiye mkazi asamatsuke m'kati? Ku chinamwali tinaphunzira zina.

SisiWaKatoto
Kunja kokha anti, ndi madzi. Chisiyireni sizinabwererenso.

AntiWaZigwagwa
Izo ndiye sindingavomere. Aliyense ndi thupi lake.

NyaChiputula
Ndakhala ndikungowerenga. Amayi anga ali ndi zaka 58, anasiya kusamba kalekale, mwana wanga woyamba asanabadwe. Miyezi iwiri yapitayi pochapa ndinaona zitenje zawo zamkati zili ndi mabanga apinki, amadzimadzi. Nditawafunsa anaseka, akuti utsikana wabwerera. Sakumva kuwawa kulikonse. Poti mwati pinki ndi timagazi tochepa chabe, ndiwasiye?

MakeAwiri
Msambo umatha kubwerera kamodzikamodzi ukamasiya. Anga ankadumpha miyezi itatu n'kubweranso.

MzambaWopuma
A MakeAwiri, zimenezo ndi za mayi amene akusiya kumene. Koma akatha miyezi 12 osasamba, msambo watha, subwereranso. Magazi alionse pambuyo pake, apinki, abulawuni, kadontho kamodzi, ayenera kuonedwa. Nthawi zambiri chimapezeka ndi chaching'ono, monga kuuma ndi kupyapyala kwa njira chifukwa cha ukalamba. Koma khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'chiberekero zimayambanso chomwechi, zamadzimadzi zapinki, kenako fungo, ndipo poyamba sizipweteka n'komwe. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo amayi ambiri amafika mochedwa chifukwa chodikira ululu.

Mukapita nawo musangoti abwera kudzayezetsa khansa. Kuyeza kwa viniga kuja n'kwa amayi opanda zizindikiro, ndipo kwa amene anasiya kusamba sikuonetsa bwino chifukwa malo oyang'anawo amalowa m'kati. Nenani kuti anasiya kusamba zaka zambiri zapitazo ndipo ayambanso kutaya magazi. Ayenera kuwaona ndi chitsulo chija chotsegulira njira kuti aone khomo la chiberekero, mwina kuwajambula, mwinanso kutenga kanyama kokayeza.

Enanu a zaka 25 kupita m'tsogolo, magazi obwera mukangogonana ndi bambo, mtundu uliwonse, ndi chifukwa chokwanira chopitira. Amene muli pa ma ARV muziyezetsa pafupipafupi monga amakuuzirani ku kiliniki, chifukwa kwa inu khansayi imathamanga.

NyaChiputula
Vuto ndi loti sangalole kuvulira mwana wamng'ono, makamaka wamwamuna. Anakanapo kale.

GogoWaZolozolo
Usawauze wekha, kwa mwana wawo adzaseka basi. Pezani mnzawo wa kumvano kapena mchemwali wawo, ndiye awaperekeze. Ine ndinapita ndi mnzanga, tinapempha nesi wachizimayi wachikulire ndipo tinadikira mpaka anapezeka. Ukawauze kuti agogo ena a ku Zolozolo anagonapo pa bedi limenelo, n'zamphindi zochepa.

TelalaWaTaifa
Ndabwera kudzakudziwitsani. Atamujambula m'chiberekero munalibe kanthu, mimba inali m'chubu chakumanzere ndipo chinali chitayamba kale kung'ambika. Tili m'galimoto anayamba kudandaula phewa lija munafunsa mayi, n'kumatuluka thukuta lozizira. Analowa naye ku fiyeta usiku womwewo, achotsa chubucho, amuwonjezera magazi. Pano wadzuka, wamwa phala. Padi imene anavala pochoka kunyumba inali ndi kabanga kochepa kwambiri, koma adokotala akuti m'mimba munali magazi ambiri. Amayi ndawauza, ali m'njira kuchokera ku Ekwendeni. Iye funso lake n'lakuti adzaberekanso?

BamboWaKatawa
Tithokoze Mulungu. Apepukidwe msanga.

MzambaWopuma
Mwagwira ntchito a Telala. Muuzeni kuti ndi chubu chimodzi chabwino amayi ambiri amatenga mimba n'kubereka. Asanatuluke afunse adokotala kuti chubu chinacho anachiona chili bwanji, komanso adikire nthawi yaitali bwanji asanatengenso mimba, ndipo atuluke ndi njira yolera. Masiku akubwerawa adzadontha zakuda kapena zabulawuni, mwina ndi tizidutswa, chimenecho ndi chiberekero chikutaya khungu limene chinakonzera mimba ija. Koma bala likatupa, thupi likatentha kapena zikayamba kununkha, abwerere. Ndipo mtsogolo muno akadzangodumpha msambo, ayeze msanga n'kukajambulitsa m'sabata zoyambirira, chifukwa amene zinamuchitikirapo zimatha kumubwereza.

AntiWaZigwagwa
Apa ndiye zinafunikadi chipatala. Koma za NyaChibavi zija ine ndikanamwabe.

NyaChiputula
Ndawaimbira amayi aang'ono a ku Luwinga, avomera kukawatenga Lolemba m'mawa. Mayi nesi, atenge buku lawo la ku chipatala lokha, kapena pali chinanso?

MzambaWopuma
Bukulo, ndi mankhwala onse amene akumwa, makamaka ngati pali a magazi othamanga kapena asipilini. Muwalembere pa kapepala chaka chimene anasiya kusamba ndi mwezi umene mabangawo anayamba, chifukwa pamaso pa dokotala akhoza kunena kuti zangochitika kamodzi. Akawauza kuti abwerenso kudzamva zotsatira, amayi aang'onowo alembe tsikulo.